Matimati, anyezi ndi mafuta a ndiwo za anthu 100: mukagule kuti, ndipo liti?

Amene munaphikitsapo pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa sadaka mukudziwa kuti anthu akakhala pansi kupanga bajeti amakangana za mbuzi, nkhuku ndi mpunga, za matimati amangoti tidzaona tsiku lomwelo. Ndiye tsikulo likafika ndi pomwe mumaona mwana akuthamangitsidwa pa njinga kupita kumsika katatu, nyama ili pamoto, amayi ophika akufunsana kuti anyezi wathera pati. Ine ndimakhala ku Ulongwe kuno ku Angonia ndipo ndaphika nawo kambirimbiri, za pachibale ndi za kutchalitchi zomwe. Chimene ndaona n'choti zinthu zitatuzi sizigulidwa tsiku limodzi, komanso nthawi zambiri sizigulidwa malo amodzi. Mafuta amadikira ngakhale mwezi, anyezi wouma sabata imodzi kapena awiri sadandaula, koma matimati akapsa ndi masiku awiri atatu basi.

Choyamba dziwani kuchuluka kwake

Ndikuwerengera ndiwo zitatu zimene timaphika kawirikawiri, nyama, nyemba ndi kabichi. Nyama ya makilo 18 ine ndimaipatsa matimati makilo 8, anyezi makilo 3 ndi mafuta malita 2. Nyemba zouma makilo 6 zimafuna matimati makilo 3, anyezi kilo imodzi, mafuta lita imodzi. Kabichi mitu 12 amatenga matimati makilo 4, anyezi makilo 2, mafuta lita ndi theka. Mukaphatikiza zikubwera matimati makilo 15, anyezi makilo 6, mafuta kungoti malita 5. Uwu ndi muyezo wa dzanja langa, wina amakonda supu wambiri wina wouma, koma simudzachita nawo manyazi.

Pa mafuta pokha samalani, malita 5 amenewa ndi a ndiwo zokha. Ngati nkhuku muzikazinga monyika m'chiwaya onjezerani ena malita 5, ndipo ngati mpunga mumauthira mafuta ikani lita ina padera, apo ayi ophika mpunga adzatunga m'chigubu cha ndiwo mwakachetechete.

Kumsika sikelo kulibe kwenikweni ndiye tisinthe kukhala zimene maso amaona. Matimati apakati amalowa 10 pa kilo, ndiye makilo 15 ndi matimati ngati 150. Lata ija ya malita 20 ikadzaza mpaka m'milomo imatenga makilo 13 kapena kuposerapo pang'ono, ikaunjikidwa ifika cha pa 15. Anyezi makilo 6 ndi mitu 50 kapena 60 yapakatikati. Taonani bwino, katundu yenseyu akukwana pa njinga yamoto imodzi. Anthu 100 amamveka ambiri koma matimati awo si oti n'kubwerekera galimoto, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ikulamula zonse zimene ndilembe m'munsimu.

Zoyang'ana posankha

Njira iliyonse ndikuiyeza ndi zinthu zinayi. Mtengo, ndipo ndikati mtengo ndikuphatikiza shapa, njinga yamoto ndi zimene mudzataye zitaola, osati ndalama yopereka kwa wogulitsa yokha. Kupezeka kwake pa mwezi umene phwando lanu lagwera. Kasungidwe, ntchito imene ikukudikirani katundu akafika pakhomo. Ndi zoopsa zake, chimene chingalakwike ndi m'mene mungachidziwire zisanavute.

Njira yoyamba: kugula milu kumsika wapafupi

Mtengo: iyi ndiye yodula mukawerengera timati mmodzimmodzi. Mitengo imasintha sabata ndi sabata ndiye ndingopereka chitsanzo kuti muone kawerengedwe kake. Tinene kuti mulu wa matimati anayi ukupita 20 metikali, matimati 150 ndi milu 38, ndalama yake 760. Basela amakupatsani inde, koma ndi kamulu kamodzi kapena tiwiri, ndiponso nthawi zambiri ndi aja ofewa kale. Ubwino wake simulipira ulendo ndipo simutaya kanthu poti aliyense mwamugwira nokha.

Kupezeka: tsiku lililonse alipo, koma benchi imodzi siikhala ndi milu 38 yabwino, muzungulira amayi anayi kapena asanu, ndiye ena akaona kuti muli ndi chikondwerero mulu umayamba kuchepa mukuona.

Kasungidwe: palibe ntchito, mwagula madzulo mwaphika m'mawa.

Zoopsa: mafuta oyeza. Aja a m'timabotolo ta madzi takhala padzuwa tsiku lonse, pa ndiwo za pakhomo timagula tonse palibe amene angadzitame, koma pa malita 5 musayerekeze. Simudziwa chigubu chimene achokera, simudziwa ngati sanasakanize ndi okazingira kale, ndipo botolo limodzi la fungo limawononga mphika wonse wa nyama. Mukakakamizika kugula, dontheza pang'ono pachikhatho, tikitani, nunkhizani. Akamamveka kafungo ngati ka mtedza wokhalitsa kapena ka nsomba, kapena akuoneka oderako ndi tinyenyeswa pansi, asiyeni.

Njira yachiwiri: kupikula pa lata m'mawa, katundu akamatsika

Iyi ndi imene ndimaikonda ndipo ndikhalitsapo. Pa msika uliwonse waukulu, kaya kwathu kuno, kaya ku Domwe, ku Mowatize kapena ku Kwachena mumzinda wa Tete, pali nthawi ya m'bandakucha imene alimi ndi obweretsa katundu amagulitsa kwa amayi a mabenchi. Mukafika nthawi imeneyo mumagula mtengo womwe amayi aja akugulira.

Mtengo: pitirizani chitsanzo chija. Tinene lata ikupita 350, inu mukufuna lata ndi theka kuti pakhale potaya, ndiye 525. Mwapulumutsa 235 poyerekeza ndi milu, komanso muli ndi makilo ena ngati 5 apamwamba. Si ndalama yoti n'kugulira mbuzi ayi koma ndi ya mchere, makala ndi sopo wotsukira mbale. Anyezi nayenso gulani pomwepo pa beseni, kapena kathumba kaukonde kaja ka makilo 10 ngati kalipo, kotsalako mudzadya pakhomo.

Kupezeka: kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Novembala matimati a kudimba amachita kutayika, mumasankha mwaufulu. Mvula ikakhazikika, Januwale mpaka Malichi, nkhani imasintha, matenda a chiwawu amawotcha mbewu m'munda, zipatso zimang'aluka, misewu ya kumidzi imaterera magalimoto osafika, ndiye lata yomweyo imakwera koopsa ndipo mukachedwa pang'ono mupeza zatha. Anyezi naye amatero, wambiri ndi wouma bwino nthawi yotentha, wosowa ndi womera nthawi ya dzinja.

Kasungidwe: apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Mukafika kunyumba musasiye matimati mu lata kapena m'thumba ngakhale ola limodzi. Yalani mphasa m'chipinda chozizira chopita mphepo, ayaleni mmodzimmodzi osasanjikiza, kokhala kaphesi kuyang'ana pansi. Osawatsuka mpaka tsiku lophika chifukwa madzi ndi amene amayambitsa kuola. Apatuleni magulu atatu, ofiira ofewa, ofiira olimba, ndi oyezuka amene angoyamba kusintha mtundu. Ofewawo ngati phwando lili mkucha aphikeni lero lomwe, kuwadula, kuwawiritsa ndi mchere mpaka madzi aphwe atsale phala lolimba, koma phalalo likufuna fuliji, popanda fuliji musalisunge kupitirira usiku umodzi. M'mawa uliwonse muziyenderanso mphasa ija n'kuchotsa amene wayamba kudontha, mmodzi yekha amapatsira anzake onse omuzungulira.

Posankha mtundu, tengani aja otalika ngati dzira, a khungu lolimba ndi mnofu wambiri. Ozungulira amadzimadzi amakoma pa saladi koma mumphika waukulu amangosanduka madzi, mumathira ambiri supu osagwira, ndiponso paulendo amaphwanyika msanga.

Zoopsa: lata ya wogulitsa. Ina inaphwanyidwa pansi kuti ilowe m'kati, ina pamwamba pali akuluakulu okongola pansi pali tinthu tating'ono tobooka. Pitani ndi beseni lanu muwauze kuti, mayi tikhuthulire muno ndione, wokana kukhuthula mukhale mutadziwa kale. Muyang'anenso timabowo ting'onoting'ono takuda pafupi ndi kaphesi, ndi ka mbozi kaja kanavutitsa alimi a matimati zaka zapitazi, kunja timati amaoneka bwinobwino koma mukamudula m'kati muli njira zakuda. Ndipo mukaona ufa wotuwa pakhungu ndi mankhwala opopera, amenewo tsiku lophika atsukeni kawiri ndi madzi ambiri, osati kungowaviika m'beseni limodzi lomwe lija mwatsukira kabichi.

Anyezi mumuyese pakhosi. Finyani pamene panali masamba, pakhale pouma, popyapyala, makoko akuchita phokoso. Wa khosi lonenepa lofewa sanaume, pakatha masiku ochepa ayamba kununkha kuchokera m'kati. Kunyumba mumuyale poyera kapena mumupachike m'kaukonde, osati m'pulasitiki, ndipo musamuike pamodzi ndi mbatata ya kachewere, zimawonongetsana, kuno ku Angonia timalakwitsa kwambiri pamenepa poti nyumba iliyonse ili ndi thumba la mbatata pakona.

Njira yachitatu: kupita kudimba kapena kumisika ya m'malire

Aliyense amakuuzani kuti pitani ku Tsangano, pitani ku Lizulu, kumeneko n'zotchipa. Zoona n'zotchipa, alimi ake ali komweko.

Mtengo: pa lata mupeza wotsika kuposa kwina kulikonse, ndipo mlimi amaunjika mosaumira. Koma kumbukirani kuti mukufuna lata ndi theka basi. Ngati kudimba mwapulumutsa 200 koma njinga yamoto kupita ndi kubwera yadya 300, mwangopita kukaona dziko. Zimapindula pokhapokha ngati dimbalo ndi loyenda pansi kapena pa njinga yakapalasa, kapena ngati ulendo womwewo mukutenganso kabichi, mbatata ndi nyemba, kapena pali wachibale amene akubwera kale kuphwandoko kuchokera komweko. Kumisika ya m'malire kuli nkhani inanso ya ndalama, mtengo akuuzani m'makwacha inu muli ndi metikali, osintha ndalama amadyapo pawo, ndiye muziwerengera musanavomere. Mafuta okha musavutike kuwadutsitsa pa Kalomwe, pa Biriwiri kapena pa Zobwe, chigubu chimakopa mafunso pachipata ndipo phindu lake silioneka.

Kupezeka: mlimi sathyola tsiku lililonse, ndipo nthawi zina munda wonse anaulonjeza kale kwa wopikula wa galimoto. Muimbireni kusanatsale sabata, mugwirizane tsiku, mum'tumizire kachikole pang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola ngati mumadziwana. Ubwino waukulu wa kudimba ndi woti mumasankha kapsedwe, mutha kunena kuti ndithyolereni oyezuka okhaokha.

Kasungidwe ndi zoopsa ndiziphatikiza chifukwa zonse zili pa ulendo, ndipo ndikuuzani zimene zinandionekera ine. Mwana wa achemwali anga ankachita chinkhoswe ku Mowatize mwezi wa Okutobala, phwando Loweruka. Ine kufuna kuthandiza ndinati matimati musagule, ndibwera nawo ochokera kwathu. Lachitatu ndinapita kudimba ndinasankha ofiira okhaokha okongola, malata awiri, kuwathira m'thumba la saka. Lachinayi m'mawa ndinakwera shapa, kondakitala thumba lija analiika kumbuyo n'kusanjikapo matumba a mbatata, ine ndili kutsogolo sindikudziwa kanthu. Amene munayendapo msewu umenewu mukudziwa kuti mukangotsika mapiri kudutsa pa Musakama mphepo imasintha, kumakhala ngati mwatsegula uvuni, ndipo Okutobala ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40. Pofika, thumba likudontha madzi ofiira. Tinayala pakhonde tinataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu tsiku lomwelo, Lachisanu madzulo ena anali atachita nkhungu yoyera m'ming'alu. Achemwali anangoti, "Mwayesetsa achemwali, koma mawa m'mawa tipite kumsika." Tinakagula milu pa mtengo wodula uja ndinkauthawa.

Zolakwa zinali zitatu ndipo zonse zinali zanga. Ndinatenga okupsa kale m'malo mwa oyezuka, amene ku Mowatize akanapsa okha m'masiku awiri chifukwa cha kutentha. Ndinaika m'thumba m'malo mwa dengu kapena kireti yolimba yoyala udzu wouma pansi. Ndipo sindinaime pomwe katundu amapakiridwa. Anyezi amene ndinanyamula ulendo womwewo anafika bwinobwino, sanawonongeke ngakhale mmodzi, ndiye ngati mukufuna kutuma wachibale wa kumapiri kuti abweretse kanthu, mutumeni anyezi ndi kabichi.

Njira yachinayi: kushopu, zotsekedwa kufakitale

Pa mafuta iyi ndiye njira yokhayo imene ndingauze munthu. Mtengo: chigubu chimodzi cha malita 5 chimatsika kusiyana ndi mabotolo asanu a lita imodzi, ndipo m'mashopu opikulitsa chimatsikanso pang'ono. Cha malita 20 pa lita n'chotchipa kwambiri koma pa anthu 100 n'chachikulu, pokhapokha mugawane ndi banja lina, komanso ndinaona kuti chigubu chachikulu chikakhala pamoto ophika dzanja limalemera, ndiwo zimasambira m'mafuta ndipo otsala amatuluka m'timabotolo madzulo. Kupezeka: chaka chonse, mvula kaya dzuwa, kungoti kukayandikira Khirisimasi mitengo imakonda kukwera ndiye ogula za Disembala gulanitu. Kasungidwe: pamthunzi, kutali ndi moto, chitsekero osatsegula mpaka tsikulo. Zoopsa: onani kuti kamphete ka pachitsekero sikanaduke ndipo werengani tsiku lothera ntchito. Chinthu chimodzi chisakuopseni, mu Juni ndi Julayi kuno kukazizira mafuta ena amachita mbuu kapena kugwirana pansi ngati phala. Sanawonongeke, ndi mafuta a kanjedza amatero akamva chisanu, kungoika chigubu m'madzi ofunda amasungunuka.

Kushopu komweko kuli matimati a m'chitini, aja timangoti masa. Anthu ena amawanyoza koma nthawi ya mvula amapulumutsa. Chitini cha magalamu 400 cha phala lolimba chimalowa m'malo mwa matimati makilo awiri kapena kuposerapo, ndiye zitini zitatu zikuchotserani makilo 6 kapena 7 pa 15 aja. Sichiola, sichifuna mphasa, mutha kugula mwezi usanafike. Vuto lake ndi kakomedwe, mukathira chokhachokha supu amafiira bwino koma amamveka kowawasa ndi kafungo ka chitini, alendo achikulire amazindikira msanga. Mankhwala ake ndi kukazinga masayo m'mafuta pamodzi ndi anyezi mpaka aderepo musanathire madzi, ndipo muwagwiritse ntchito ku nyama ndi nyemba, kabichi yekha mum'siyire matimati enieni. Chitini chotupa, chadzimbiri kapena chophwanyika pamsoko musatenge ngakhale atakutsitsirani.

Palinso zoti abale asonkhe, uyu abweretse anyezi uyu mafuta. Pa maliro zimayenda poti anthu amabwera nazo okha, koma pa ukwati ine sindiwerengera lonjezo, chimene sichinafike Lachinayi ndimachitenga kuti kulibe.

Ndiye inu mutenge iti

Ngati muli ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Furankungo ndipo phwando lagwa pakati pa Ogasiti ndi Novembala, mafuta gulani kushopu nthawi iliyonse ndalama ikapezeka, anyezi kutatsala sabata, matimati lata ndi theka kutatsala masiku awiri kapena atatu, m'mawa pamsika. Kudimba pitani ngati kuli kofika ndi miyendo.

Ngati muli mumzinda wa Tete kapena ku Mowatize, musaitanitse matimati okupsa kuchokera kumapiri. Pikulani komweko kutatsala tsiku limodzi, olimba, ndipo lata imodzi yoonjika ndi zitini ziwiri za masa zikwana. Wachibale wochokera ku Angonia abwere ndi anyezi, ndipo akaumirira za matimati akhale oyezuka, m'dengu, dengulo likhale pamwamba pa katundu yense.

Ngati phwando lili mu Januwale, Febuluwale kapena Malichi, kulikonse kumene muli, gawani pakati, makilo 8 a matimati enieni ndi zitini zitatu. Makilo asanu ndi atatuwo ngakhale mutagula pa milu palibe vuto, nyengo imeneyi kusankha mmodzimmodzi kumaposa kupikula lata yoti theka mukataya. Anyezi gulani wochulukirapo kilo imodzi chifukwa mukamasenda mupeza ena omera ndi ofewa m'kati.

Ngati ndi maliro, palibe nthawi yoyala mphasa. Tumani anthu awiri kumsika wapafupi ndi beseni, wina apite kushopu akatenge chigubu cha malita 5 ndi zitini zinayi, matimati muzigula a tsiku limenelo okhaokha chifukwa simudziwa ngati anthu akhala masiku awiri kapena atatu. Chigubucho chipatseni mayi mmodzi wamkulu kuti ndiye azitungira ophika ndi kapu.